Kwa makasitomala athu: kawerengedwe katsopano ka mitengo ya katundu wa ku Chipata

Okondedwa makasitomala,

Tikupatsani moni nonse amene mumatituma malata, simenti ndi zitsulo kuchokera ku Chipata. Kuyambira pa 1 mwezi wamawa, sitizilembanso mtengo umodzi wokhala mwezi wonse. Mtengo wa katundu aliyense wogulidwa m'makwacha a ku Zambia tiziuwerengera pa tsiku limene mwalipira, podutsira ku dola ya ku America.

Chifukwa chake n'chakuti ndalama ziwirizi, ngakhale zonse ndi makwacha, iliyonse imayenda payokha, ndipo mtengo umene mabanki a mbali zonse ziwiri amalengeza tsiku ndi tsiku, woti aliyense angathe kuuona, ndi wa dola. Tikadziwa mtengo wa dola kuno ndi mtengo wa dola ku Zambia, tadziwanso mtengo wa kwacha ya ku Zambia m'ndalama yathu. Kuti tisasokonezane, pa risiti tizilemba MWK ikakhala ya kuno, ZMW ikakhala ya kutsidya.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Manambalawa ndi ongoyerekeza, si mitengo ya lero. Tinene kuti banki ya kuno ikugulitsa dola imodzi pa MWK 1,750, ndipo banki ya ku Chipata ikugula dola imodzi pa ZMW 24.50. Mwatituma malata a ZMW 4,900. Poyamba tifunse kuti malatawo ndi madola angati: 4,900 kugawa ndi 24.50, yankho ndi madola 200. Kenako madola 200 aja tichulukitse ndi 1,750, zikhala MWK 350,000. Umenewo ndiye mtengo wa malatawo tisanaikepo za mayendedwe ndi msonkho wa pachipata cha Mwami, zimene tizizilemba pa mzere wakewake.

Njira yachidule ndi kugawa mtengo wa kuno ndi wa ku Zambia:

```
1,750 ÷ 24.50 = 71.43
```

Ndiye kuti kwacha imodzi ya ku Zambia ikukwana MWK 71.43. Mukachulukitsa 4,900 ndi 71.43 mupeza 350,007. Makwacha 7 owonjezerawo abwera chifukwa chodula manambala a kumapeto, ndipo ife tizitsata njira yoyamba ija kuti asakugwereni. Pa foni mukapeza 0.014, dziwani kuti mwatembenuza manambala. Yankho limenelo likunena za kwacha imodzi ya kuno m'ndalama ya ku Zambia.

Pamene ambiri amapunthwa ndi posankha mtengo woti agwiritse ntchito. Pa bolodi la banki pamakhala mitengo iwiri, wogulira ndi wogulitsira, ndipo mawuwo amanena za banki, osati za inu. Pochoka ku kwacha yathu kupita ku dola, banki ikutigulitsa, ndiye titenga mtengo wokwerawo. Pochoka ku dola kupita ku kwacha ya ku Zambia, banki ikutigula, ndiye titenga wotsikawo. Munthu akatenga mtengo wogulitsira mbali zonse ziwiri, tinene 1,750 ndi 25.00, apeza 70 ndendende. Nambala yokongola, yosavuta kuwerengera pamtima, koma pa malata aja ipereka MWK 343,000, kupelewera ndi MWK 7,000. Kasiyanidwe kameneka sikalowa m'thumba mwathu, kamatsala ku banki ya ku Chipata ija.

China chimene chingakudabwitseni ndi ichi: mtengo ukhoza kukwera ngakhale kwacha yathu isanagwedezeke. Tonse tikukumbukira mmene zinthu zinadumphira m'masitolo itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho maso athu amangokhala pa dola ya kuno. Koma kwacha ya ku Zambia ikalimba n'kufika pa 20 pa dola, malata omwe aja a ZMW 4,900 asanduka madola 245, omwe ndi MWK 428,750, kuno mtengo uli pa 1,750 pomwe paja. Ikafooka, mtengo utsikanso, ndipo phindulo likhala lanu tsiku lomwelo, osadikira kutha kwa mwezi.

M'mawa uliwonse tizilemba pa bolodi la pakhomo la sitolo manambala atatu: mtengo wa dola kuno, mtengo wa dola ku Zambia, ndi yankho lake. Mitengo iwiriyo izikhala ya tsiku limodzi ndipo yochokera ku mabanki ovomerezeka. Ya osintha ndalama a m'mbali mwa msewu sitiigwiritsa ntchito, ndipo kuphatikiza mtengo wa pamsewu mbali imodzi ndi wa ku banki mbali inayo kumatulutsa nambala imene palibe angakusinthireni nayo. Loweruka ndi Lamlungu tizitsata mitengo ya Lachisanu.

Amene munalipira kale zonse musadandaule, mtengo wanu sukusintha. Amene munapereka theka, gawo lotsalalo tiliwerengera pa mtengo wa tsiku lomalizitsa. Ngati masamu a pa risiti sakukugwirani mtima, bwerani nayo tidzawerengere limodzi pakauntala.

Ndife anu,
Eni sitolo ndi ogwira ntchito onse
Mchinji Boma