Glibenklamaidi ndi shuga wotsika kwa okalamba

A Mkonzi,

Ndiloleni ndichenjeze anzanga amene akusamalira agogo odwala shuga omwe akumwa glibenklamaidi, timapilitsi tija ta 5 mg ta m'gulu la salifonilureya. Mankhwalawa amakakamiza kapamba kutulutsa insulini yomwe imatsitsa shuga m'magazi, munthu wadya kapena sanadye, iwo alibe nazo ntchito. Ndiye agogo amwe pilitsi m'mawa, masana nsima aikane poti m'kamwa mukuwawa, shuga amangotsikabe.

Chimene chimandiopsa ine ndi impso. Munthu akakalamba impso zimafooka, zotsalira za mankhwalawa zomwe zikadali ndi mphamvu sizituluka msanga mumkodzo, zimangounjikana m'magazi ndiye shuga atha kumatsika mobwerezabwereza tsiku lonse ngakhale masiku awiri. Mumawapatsa tiyi wa shuga wambiri, atsitsimuka, ayamba kucheza, aliyense nkumati basi zatha, koma usiku ali mtulo shuga watsikanso popanda woona.

Komanso okalamba ambiri sanjenjemera kapena kutuluka thukuta ngati achinyamata, amangosokonezeka, kuyankhula zosamveka, kugona kwambiri, anthu nkumati ndi ukalamba kapena sitiroko. Ngati muli ndi kamashini koyezera shuga yezani, shuga akakhala pansi pa 4 mmol/L apatseni chotsekemera ngati akutha kumeza, kenako phala. Wokomoka osamumwetsa kanthu chonde, angatsamwe. Pilitsi lotsatira asamwe, ndipo pitani nawo kuchipatala ngakhale akuoneka bwino, nthawi zambiri pamafunika kuwagoneka pa diripi ya gulukosi nkumawayeza pafupipafupi. Kumeneko funsaninso adokotala ngati kuli kotheka kuwasinthira mankhwala ena a shuga otchedwa gliklazaidi, amene satsitsa shuga moopsa chonchi.

Wodandaula,
Zomba