Bwerani mudzadule majointi a mapaipi amene munalumikiza kunyumba kwanga

Akuluakulu a kampani, ndikulemba pano poyera chifukwa foni yanu simukuyankha, ndipo mauthenga anga mukungowawerenga osabweza mawu. Munaika mapaipi a pulasitiki otaya madzi akuda kunyumba kwanga ku Lilongwe: a mamilimita 50 ochokera pa sinki ndi kubafa, ndi a mamilimita 110 ochokera kuchimbudzi. Mvula isanagwe n'komwe, khoma la kukhitchini layamba kale kunyowa, penti ikusupuka, ndipo kuseri kwa nyumba kukununkha.

Nditaitana pulambala wina kuti adzaone, anangogwira elibo ya pansi pa sinki n'kuipotoza pang'ono, paipi n'kusololoka m'manja mwake. Nsonga ya paipiyo inali yosalala, yonyezimira ngati yangochoka m'sitolo, ndipo guluu wouma ankasendeka ndi chikhadabo. Inu mukudziwa bwino tanthauzo lake. Guluu wa mapaipi a PVC samata pomangouma pakati. Amafewetsa khungu la paipi ndi mkati mwa soketi, ziwirizo n'kusungunukirana kukhala pulasitiki imodzi. Jointi yogwira bwino munthu sangaizule ndi manja, amachita kuidula ndi sowo. Yanga yazuka chifukwa paipi sinafewe n'komwe.

Ndinalipo anyamata anu akugwira ntchito, ndipo chitini cha pulayima, mankhwala otsukira paipi musanapake guluu, sindinachionepo. Paipi yagona pafumbi la simenti, yagwiridwa ndi manja a mafuta, iwo n'kungoipukuta pa ovolosi, basi guluu pamwamba. Mankhwala otsukira aja ndi amene amachotsa fumbi, mafuta ndi kunyezimira kuja, kuti guluu apeze pogwira. Komanso guluu ankapaka mbali imodzi yokha, pamene amayenera kupakidwa mkati mwa soketi mopyapyala ndi kunja kwa paipi mokwanira, kenako kulowetsa msanga asanayambe kuuma, kupotoza pang'ono kuti afalikire, ndi kugwira zolimba pafupifupi masekondi 30. Ukasiya msanga paipi imabwerera m'mbuyo yokha, chifukwa soketi imapanikiza kumapeto kwake. Pa jointi ya kubafa zikuonekeratu: paipi inangolowa theka, ndipo mkombero wa guluu umene umayenera kuzungulira pakamwa pa soketi uli mbali imodzi, mbali inayo palibe. Madzi akudonthera pomwepo.

Kadulidwe nako n'komvetsa chisoni. Nsonga zinadulidwa mopendekera, zinyenyeswa za sowo zili lendelende, m'mphepete simunapalidwe. Nsonga yakuthwa chotero ikamalowa imakokolola guluu yense n'kumukankhira mkati mwa paipi, jointi n'kutsala youma. Zinyenyeswazo ndi guluu woundana mkatimo ndi zimene zikukola tsitsi ndi mafuta, n'chifukwa chake madzi a kubafa akutsika mozengereza.

Chimene chandipweteka kwambiri ndi paipi ya kuchimbudzi. Ndinalipira masoketi, ali pa kotesheni yanu. Koma titakumba tapeza kuti paipi anaiwamba pamoto n'kuikulitsa kukamwa kuti inzake ilowemo. Malo owambidwawo ndi akuda, opyapyala, osazungulira bwino, ndipo guluu uyu sapangidwira kutseka mpata waukulu chotero. Masoketi anga anapita kuti?

Nkhani ya nthawi ndiyo munandinamiza pamaso. Atangomaliza kulumikiza, kapitawo wanu anatsegula mpopi kuti ndione kuti ntchito yatheka, kenako anyamata n'kuyamba kukwirira ngalande akupondaponda paipi. Guluu akauma kunja sindiye kuti mkati walimba. Jointi imafuna mphindi zingapo osaigwedeza, ndipo nthawi yodikira madzi asanadutse imalembedwa pachitini. Paipi ikakhala yaikulu kapena kunja kukazizira, nthawiyo imatalika. Amisiri osamala amadikira maola 24 asanayese paipi ndi madzi odzaza, ndipo amayesa asanakwirire. Ife tikanagona tsiku limodzi osagwiritsa ntchito sinki popanda vuto, mukanangotiuza.

Mnyamata amene munamutuma nditadandaula koyamba anabwera ndi chitini chimene guluu wake anali atalimba kale ngati phala lozizira, n'kupaka kunja kwa jointi yodontha. Guluu wotere ndi wotaya, mankhwala osungunula pulasitiki anauluka kale, ndipo kupaka kunja sikufika pamene pali mpata.

Chimene ndikufuna n'chakuti mubwere mudule jointi iliyonse yokayikitsa, muike masoketi ndi maelibo atsopano, ndi pulayima komanso guluu wa chitini chatsopano chimene mutsegule ine ndikuona. Ngalande ikhale yosakwirira mpaka tiyese ndi madzi tsiku lotsatira. Matailosi amene aphwanyidwe ndi penti ya khoma la kukhitchini mulipire ndinu. Malisiti ndi zithunzi ndili nazo, ndipo ngati sabata ino itha osandiyankha, ndikazipereka ku bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission.