Sola wa maola 12 akuzima tisanagone, ndibwezereni ndalama zanga

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za sitolo ina ya pa Chitakale kuno ku Mulanje, yomwe imayendayenda ndi chimkuzamawu kulengeza kuti sola wawo amayatsa mababu atatu kwa maola 12 ndi kutchaja mafoni pamwamba pake. Pa katoni alembanso chimodzimodzi. Ndinawakhulupirira, ndinapereka ndalama zomwe ndinasunga miyezi inayi ndikuthyola tiyi, kuti mwana wanga wa Fomu 4 aziwerenga usiku.

Timayatsa 6 koloko madzulo. Isanakwane 9 koloko mababu ayamba kale kufiira ngati khala la moto, kenako zii, mdima. Mwana wabwerera ku kandulo.

Nditapita kukadandaula anandiuza kuti vuto ndi chiperoni. Kodi chiperoni chayamba chaka chino ku Mulanje? Pogulitsa paja sankaliona phiri litafunda mitambo? Komabe ndinadikira, kunachita dzuwa masiku anayi otsatizana, ndinapukuta panelo m'mawa uliwonse, koma sizinasinthe.

Mlamu wanga amene amakonza zamagetsi ku Luchenza anatsegula bokosilo. Batire yake ndi kakang'ono, kolembedwa 12V 7Ah. Anandiwerengera pa pepala: 12 kuchulukitsa ndi 7 ndi 84, ndiyo mphamvu yonse imene batireyo ingasunge. Mababu atatu a mawati 5 amadya 15 pa ola. Mukagawa, maola 6 sakwana, ngakhale batire itadzaza bwanji. Ndipo batire ya mtundu umenewu siyenera kutsitsidwa kupitirira theka, apo ayi imafa msanga, ndiye otsala ndi maola atatu omwe tikuwaonawo. Dzuwa liwale mpaka miyala isweke, maola 12 mulibemo m'bokosi limenelo. Analemba bodza akudziwa.

Ndinabwerera ndi risiti ndi pepala la masamulo. Bambo wa m'sitolomo sanaliyang'ane n'komwe, anangondilozera chikwangwani chakuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Chonsecho a CFTC, bungwe loona za chilungamo pa malonda, akhala akunena kuti wamalonda sangadzitchinjirize ndi mawu otere katundu akakhala wolakwika, ndipo kutsatsa malonda monama malamulo amaletsa.

Nanga a MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu, katundu wotereyu amalowa bwanji m'dziko muno? Ife a kumudzi tasanduka dzala. Tochi ya masiku awiri, tchaja yotentha foni, feteleza wosakaniza ndi mchenga, zonse amatitayira ife chifukwa akudziwa kuti sitingapeze ya minibasi yokadandaulira ku Blantyre.

Sindikufuna kusinthiridwa wina, chifukwa onsewo ndi amodzimodzi. Ndikufuna ndalama zanga zonse, iwo atenge sola wawo, ali m'katoni momwe. A CFTC bwerani pa Chitakale tsiku la msika, mutsegule bokosi limodzi lokha anthu akuona. Risiti ndasunga.

Mayi wokhumudwa,
Mulanje