Lipoti la msonkhano wa za digiri ya udokotala

A Wapampando ndi mamembala nonse,

Munandituma ku msonkhano wa ku Lilongwe womwe unasonkhanitsa aphunzitsi a m'mayunivesite, olemba anthu ntchito ndi ife amene tili ndi masitazi. Funso lanu linali lakuti: kodi digiri ya udokotala, kutanthauza PhD osati ya zachipatala, ndi yoyenera kuitaya nthawi ndi ndalama? Ndabwera ndi yankho ili: zimadalira ntchito yomwe mukuifuna pambuyo pake, komanso amene akulipireni malipiro pa zaka zomwe mukuphunzira.

Kwa amene akufuna kukhazikika pa yunivesite, panalibe mtsutso. Ndi masitazi mutha kuphunzitsa, koma kuyang'anira ophunzira a udokotala, kutsogolera kafukufuku wa ndalama zakunja kapena kufika pa upulofesa n'kovuta kwambiri opanda digiriyi. Mkangano unabuka pa za makampani. Mayi wina wolemba anthu ntchito ananena mosabisa kuti pa ntchito zowerengera ndalama amayang'ana ACCA kapena umembala wa ICAM ndi zaka zomwe munthu wagwira ntchito. Digiri ya udokotala imalemera kumene kafukufuku ndiye ntchito yeniyeni, monga ku Chitedze, ku Bvumbwe, ku bungwe lofufuza za tiyi ku Mulanje kapena ku Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre. Malo otere ndi ochepa, ndipo n'chifukwa chake ndikupempha aliyense ayambe watchula mpando weniweni womwe akuufuna asanalembe kalata yofunsira malo.

Gawo lomwe linandigwira mtima ndi la kuwerengera. Ambirife timangoyang'ana fizi, pomwe ndalama yaikulu ndi malipiro omwe timasiya. Tinapatsidwa chitsanzo chongoyerekeza. Tinene kuti munthu amalandira K1,200,000 pa mwezi ndipo wasiya ntchito kwa zaka 4. Miyezi 48 ndi K57,600,000. Palinso nkhani ya penshoni: lamulo limati wolemba ntchito aziika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti, ndiye kuti K180,000 pa mwezi yaleka kulowa, yomwe pa zaka 4 ikukwana K8,640,000. Akabwerako n'kumalandira K300,000 yowonjezera pa mwezi, zimutengera miyezi 192, zaka 16, kuti abweze malipiro okhawo. Kwa munthu wa zaka 28 zimenezi n'zotheka. Kwa wa zaka 45, wokhala ndi ana kusekondale, ine ndikuona kuti n'zolemera kwambiri.

Masamuwa amasinthiratu ngati yunivesite yanu yakupatsani tchuthi cha maphunziro malipiro akupitirira. Apa ndi pomwe anafotokoza za RUFORUM, mgwirizano wa mayunivesite a mu Africa womwe likulu lake lili ku Makerere ku Uganda, ndipo LUANAR ndi membala. Mu ndondomeko yawo ina, yunivesite yolandira imachotsa fizi, pomwe yotumiza imapitiriza kulipira mphunzitsi wake. Mtengo wake ndi bondi: mukamaliza mumabwerera kukagwira ntchito kwa zaka zomwe munasainira, ndipo mukachoka msanga mumabweza ndalama. Amene mtima wake uli ku kampani awerenge pepala limeneli mosamala asanasaine.

Za kunja ndinene mwachidule. Sikolashipu ya Chevening ya ku Britain ndi ya masitazi basi. Ya udokotala ku Britain ndi sikolashipu ya Commonwealth, yomwe imafuna kuti mubwerere kwanu. Ku South Africa timathandizidwa ndi pangano la SADC la za maphunziro lomwe linasainidwa ku Blantyre mu 1997, loti ophunzira a m'maiko a m'chigawochi azilipira fizi ngati eni dziko. Komabe lendi, chakudya ndi inshuwalansi ya chipatala zimafuna ndalama zakunja. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola inachoka pa K1,180 kufika pafupifupi K1,700, ndipo wodzilipirira yekha anadzuka bajeti yake itaperewera pakati pa ulendo.

Vuto lomwe ophunzira ambiri anadandaula nalo ndi chaka chomaliza. Thandizo limakhala la zaka 3, koma kupeza chilolezo cha kafukufuku, kudikira nyengo ya dzinja kwa ochita zaulimi ndi kudikira woyang'anira kuti awerenge mitu kumadya miyezi. Ndalama zikatha munthu amabwerera kuntchito, zolemba n'kuima. Chizindikiro chake chimaoneka msanga: funsani woyang'anirayo kuti ophunzira ake omaliza anatenga zaka zingati, ndipo mucheze ndi mmodzi wa iwo panokha.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira, aliyense wofuna udokotala abwere ndi pepala limodzi lolembapo ntchito yomwe akuifuna, malipiro ake a lero, amene alipire kafukufuku ndi komwe ndalama za chaka chachinayi zichokere. Ndikupemphanso komiti iitane membala mmodzi wa pa yunivesite ndi mmodzi wa ku kampani kuti adzaunike mapepalawo nafe.