Chidziwitso ndi pempho: titseka msewu wa kusukulu kuti tiphwanye chimwala

Makolo, abale ndi alongo a kuno ku Chilobwe, ndi inu ana athu okhala kutali,

Chimwala chija chimene namondwe wa Freddy anagubuduza kuchokera m'phiri la Soche mu Malichi 2023 chikadali pakati pa msewu wopita kusukulu. Mvula ikagwa madzi amachilambalala n'kumakumba m'mbali, ndipo ana amadutsa pa kanjira kam'mphepete mwa chigwembe. Anatilonjeza makina, koma sitinawaone. Anyamata athu ayesa kuchisonkhera moto n'kuchithira madzi ozizira, koma chimangosendeka pamwamba. Tsopano tapeza katswiri wophulitsa miyala amene ali ndi chiphaso.

Kuyambira Lolemba likubwerali, msewu ukhala wotseka kwa masabata 2, kuchokera pa mjigo kukafika pa chigayo. Oyenda pansi ndi a kabaza azidzera kuseri kwa tchalitchi. Makina oboola mwala azilira kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, kupatula Lamulungu. Tikudziwa kuti odwala ndi makanda avutika ndi phokosoli, mutikhululukire. Pakagwa maliro pafupi, ntchito iima.

Kuphulitsa kuzichitika Lachiwiri ndi Lachinayi basi, pakati pa 3 koloko ndi 4 koloko masana, ana ataweruka. Mukamva wenzulo katatu, tulukani m'nyumba zonse zimene tazilemba chizindikiro cha laimu, mupite kuseri kwa mbendera zofiira. Musabisale m'nyumba, chifukwa mwala wouluka umaboola malata. Mawindo muwasiye otsekula kuti magalasi asasweke ndi mphepo ya kuphulikako.

Chimene tikuopa kwambiri ndi ichi: kukaphulika musathamangire kukaona. Nthawi zina bowo limodzi silimaphulika pamodzi ndi ena, ndipo likhoza kuphulika mochedwa munthu atayandikira. N'chifukwa chake katswiri amayamba wadikira, kenako amakayendera mabowo yekha. Mubwerere pokhapokha mutamva wenzulo umodzi wautali. Ana muwauzitse kuti akaona kawaya kapena kachitsulo pamalopo asatole, akauze wa komiti.

Zimene tatolera khomo ndi khomo sizikwanira. Amayi asenza mchenga, ndipo agogo ena anapereka nkhuku yawo. Tikusowabe dizilo wa makina, simenti yomangira ngalande, ndi matayala akale ambiri ophimbira chimwalacho kuti zidutswa zisauluke patali. Tikufunanso akuluakulu ogwira mbendera masiku ophulitsa.

Inu amene muli ku Lilongwe ndi ku Joni, msewu uwu ndi umene munkatsika nawo opanda nsapato. Pobwera ku maliro mumasiya galimoto pa mjigo n'kukwera wapansi, ndiye chimwalachi mwachiona ndi maso anu. Kupempha motere kumatichititsa manyazi, koma mvula yayandikira. Thandizo lanu lifike kwa msungichuma wa komiti kapena kwa amfumu.

Ife a komiti ya chitukuko cha m'mudzi