Kalata kwa makolo: za kalasi ya Ulimbitso teremu ino

Okondedwa makolo ndi onse olera ana,

Teremu yatha, ndipo malipoti a ana tawapatsa m'manja. Za mayeso muwerenga m'menemo. M'kalata ino ndikufuna ndikufotokozereni za ana 34 amene akukonzekera Ulimbitso, chifukwa ena mwa inu mwakhala mukundifunsa pageti kuti bwanji teremu yathunthu ana angophunzira Chikhulupiriro cha Atumwi, pemphero loti ambiri analiloweza kalekale.

Kuloweza analowezadi. Tsiku loyamba akatekisi anawaimiritsa, onse analakatula pamodzi osapuma. Kenaka anayamba kuwafunsa mmodzimmodzi, kuyambira pakati: "Pambuyo pa kuikidwa m'manda pakubwera chiyani?" Kunali zii. Mwana woloweza ngati nyimbo mumamudziwira pamenepo. Mukamuyambitsa pakati amang'ung'udza kuchokera poyamba mpaka afike pomwe mwamufunsa.

Choncho tinaligawa patatu, monga momwe lilili: za Atate, za Mwana, za Mzimu Woyera pamodzi ndi Mpingo. Mwamwambo limawerengedwa kuti lili ndi mfundo 12, ndiye Lachitatu lililonse masana tinkatenga imodzi, nthawi zina ziwiri zikakhala zazifupi. Mwana amawerenga mzerewo mokweza, n'kutchula liwu lomwe sakulimva. Akatekisi amatsegula Baibulo pomwe nkhaniyo ili. Pomaliza mwana amatseka kope n'kunena mfundoyo m'mawu akeake, ngakhale m'Chinyanja cha m'tauni chomwe amalankhula ku Matero kapena ku Chawama. Ine sindikuonapo vuto. Chinyanja cha m'buku la mapemphero ndi chozama kwa mwana wobadwira mu Lusaka, ndipo zambiri zimatayikira pamenepo.

Tinaziona bwino pa mawu oti chiyanjano cha oyera. Mtsikana wina wa zaka 14, wanzeru zake, anayankha mosakayika kuti oyerawo ndi azungu, poti pazithunzi za m'tchalitchi onse ndi oyera khungu. Anzake anaseka, koma titafunsa, asanu ndi mmodzi anavomera kuti nawonso ankaganiza choncho. Akatekisi sanamukalipire. Analemba pabolodi mawu awiri, kuyera khungu ndi kuyera mtima, n'kuwauza za Karoli Lwanga ndi anzake, amaritiri a ku Uganda, amene anawotchedwa ku Namugongo mu 1886. Kizito, wamng'ono pa onse, anali wa msinkhu wawo womwewu. Kenaka anafunsa mtsikanayo ngati amapempherera agogo ake amene anatisiya. Anati inde. Akatekisi anati chiyanjanocho n'chimenecho: ife amoyo, abale athu omwalira, ndi amene ali kale kwa Mulungu, tonse banja limodzi. Sabata yotsatira mtsikanayo ndiye anafotokozera mnzake amene anajomba.

Kuuka kwa thupi nako kunatitengera masabata awiri, poti anyamata angapo ankakusokoneza ndi nkhani za mizukwa. Tinawerenga Luka 24, pomwe Yesu wouka anauza ophunzira ake kuti amukhudze, nadya nsomba yootcha pamaso pawo. Za Ponsio Pilato sizinavute. Atangomva kuti anali bwanamkubwa weniweni wa Aroma ku Yudeya, kuyambira cha m'ma 26 mpaka 36, anamvetsa chifukwa chake dzina lake lili m'pempherolo: likusonyeza nthawi ndi malo omwe zinachitikira.

Pali chimodzi chomwe sitinachithe. Ana akusakaniza Chikhulupiriro cha Atumwi ndi chachitali chija cha ku Nikeya, chomwe chinakonzedwa pamsonkhano wa mu 325 n'kuwonjezeredwa ku Konstantinopo mu 381. Amayamba ndi china n'kumalizira china. Tidzaziika pambali ndi pambali teremu ikubwerayi. Mukumbukirenso kuti patsiku la Ulimbitso Ambuye Episkopi sadzawauza kuti alakatule. Adzawafunsa mafunso, ngati akukana Satana, ngati akukhulupirira Atate, Mwana, Mzimu Woyera ndi Mpingo, ana n'kumayankha, asanawadzoze mafuta a krisma pamphumi. N'chifukwa chake tikulimbikira kuti amve zomwe akuvomera.

Pempho langa patchuthi ndi laling'ono. Mwana aliyense wapita ndi kope lomwe analembamo mfundo iliyonse m'mawu ake. Madzulo ena mukatha kudya, sankhani mzere umodzi wapakati mumufunse kuti ukutanthauza chiyani. Akakakamira musamuuze yankho msanga, ndipo ngati nanunso wakuvutani, lembani funsolo kumapeto kwa kopelo tidzalione limodzi. Amene simunabweretse khadi la ubatizo la mwana ndi dzina la womuimira, chonde mudzatumize sabata yoyamba yotsegulira. Tsiku lake talemba pansi pa lipoti.

Ine wanu,
Mphunzitsi wamkulu