Nambala ya makina si yankho la chifuwa cha malume

Mkonzi,

Ndine namwino wopuma ntchito, ndimakhala ku Mabvuku kuno ku Harare. Ndalemba chifukwa cha mawu amene ndikuwamva pamaliro ndi kutchalitchi, akuti masiku ano kompyuta ikaona chithunzi cha m'chifuwa basi nkhani yatha, dokotala ndi wongotayitsa nthawi. Mawu amenewa anatsala pang'ono kuwapweteketsa malume anga.

Malume anabwera kuchokera ku Dedza ali mnyamata, nagwira ntchito yoboola miyala mumgodi wa golide zaka zoposa makumi awiri. Anadwalapo chifuwa chachikulu kalekale, namaliza mankhwala. Chaka chatha anayambanso kutsokomola, ndipo kamtunda kakang'ono kankawachititsa befu. Anajambulidwa ekisire pamalo ena pamene pulogalamu ya kompyuta imawerenga chithunzi n'kupereka nambala ya pakati pa 0 ndi 100. Yawo inakwera kwambiri. Pofika madzulo ana anali atawapatulira kale mbale ndi kapu, wina n'kumanena kuti akudziwa kopeza mapiritsi a TB osadikira pamzere.

Makinawa sindikuwanyoza. Mu 2021 bungwe la WHO linavomereza kuti mapulogalamu otere azigwiritsidwa ntchito pofufuza TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo, ndipo kumene kulibe katswiri wowerenga zithunzi amathandizadi. Koma ntchito yake ndi yosefa anthu oyenera kukayezetsa makhololo. Nambala ija ikungotanthauza kuti mithunzi ya m'mapapomu ikufanana ndi ya pazithunzi za odwala TB zimene pulogalamuyo inaphunzitsidwira. Kachilombo sikaoneka pa ekisire.

Dokotala amene tinamupeza anayamba ndi mafunso, chithunzi chili pambali. "Bambo, munkagwira ntchito yanji? Poboola munkathira madzi kapena fumbi linkangoti kobo? Usiku mumatuluka thukuta? Thalauzali layamba kukhwepa?" Anawapapasa m'khosi ndi m'khwapa kufuna anabere, n'kuwamvetsera pamsana. Kenako anafunsa ngati chithunzi chakale chilipo. Azakhali anachipeza pansi pa sutikesi, mu envulopu yofiirira yodyedwa m'mbali. Ataziika ziwirizo pamodzi powala, anatisonyeza ndi cholembera: chipsera cha kumtunda kwa phapo lakumanja chinali pomwepo, chosasintha. Chachilendo chinali timadontho tambirimbiri tozungulira, kumtunda kwa mapapo onse awiri.

Timadontho timeneto ndi silikosisi, matenda a fumbi la miyala. Amatha kuonekera patapita zaka khumi kapena kuposa, munthu atasiya kale ntchito, ndipo amakonda kumtunda kwa mapapo, komwenso TB imakonda. Makhololo atayezedwa pa makina a GeneXpert, kachilombo sikanapezeke. Dokotala sanakhutire pomwepo, poti fumbi limeneli limachititsa munthu kugwidwa TB mosavuta. Anatumiza makhololo ena kuti akawasunge masabata angapo aone ngati kachilombo kamera. Sikanamere.

Tikanatsata nambala ija, munthu wokalamba akanamwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi, amitundu inayi m'miyezi iwiri yoyamba, ena mwa iwo otha kuvulaza chiwindi, pa matenda amene alibe. Ndipo kupuma kwawo kukanangopitirira kuvuta osadziwika chifukwa.

Chimandiopsa koposa ndi mbali inayo. Munthu amene ali ndi HIV, chitetezo chitatsika kwambiri, akhoza kukhala ndi TB koma chithunzi n'kutuluka choyera. Nambala ikatsika amapita kwawo mtima uli m'malo, pamene namwino akanaona kuwonda kwake ndi kutentha thupi n'kupitiriza kufufuza.

Palinso mapulogalamu a pafoni owerenga zithunzi za matenda a pakhungu, koma pakhungu ndiye pali zambiri zimene foni siingathe. Zithunzi zochuluka zophunzitsira mapulogalamuwa ndi za anthu a khungu loyera, pamene pa khungu lathu chotupa sichifiira chimodzimodzi. Banga lotuwa pamkono likhoza kukhala chipere, likhozanso kukhala khate. Ife tinkamuuza wodwala kuti atsinzine, n'kumukhudza pabangapo ndi kathonje. Akapanda kumva, tinkapapasa mtsempha wa pachigongono kuona ngati wanenepa. Mabanga akuda a khansa ya Kaposi nawo tinkawafunanso m'kamwa, kumene wojambula mwendo wake saganizako n'komwe.

Pempho langa kwa amene amayendetsa ntchito yojambulayi n'lakuti nambala isamaperekedwe m'manja mwa wodwala popanda womufotokozera, m'Chishona kapena m'Chichewa, ndipo kabotolo ka makhololo kaziperekedwa tsiku lomwelo. Wofunsa asaiwale za mgodi, pakuti ku Mabvuku, Tafara ndi Mufakose kuli madala athu ambiri amene anapuma fumbi limenelo. Malume anabwereranso kudyera mbale imodzi ndi adzukulu, ndipo dokotala anati akangoyamba kuwonda kapena kutuluka thukuta usiku tibwere nawo msanga ndi zithunzi zonse ziwiri.

Namwino wopuma ntchito,
Mabvuku, Harare